Pepala limene amafunsa maliro atatha

Tenti ikachotsedwa pabwalo, mipando ya kutchalitchi itabwezedwa ndipo anthu a mumzere wa nyumba zathu muno mu Nkwazi atayambanso kutsegula mawailesi awo, achibale amakhala pansi pamsonkhano umene anzathu Abemba amautcha isambo lyamfwa. Pamenepo pamafotokozedwa mmene malemu anadwalira, amene ali ndi ngongole amadziulula, ndipo sutikesi imatsegulidwa. Jekete kwa mng'ono wake, nsapato kwa mphwake, chitenje kwa apongozi. Zonsezi zimatha tsiku limodzi, ndipo palibe khoti limene limafunsidwa. Vuto limayamba pamene wina wafunsa za ndalama zimene zili kubanki, za mabenefiti a kuntchito, ndi za mapepala a nyumba.

Ndinaperekezapo mayi wina woyandikana naye nyumba kupita kubanki ina m'tauni ya Ndola, patangotha milungu 3 chiikire amuna ake. Ananyamula chikwama cha pulasitiki, m'menemo muli chilolezo choikira maliro, kalata ya kuchipatala, chitupa cha malemu ndi khadi la kubanki. Mtsikana wa pakauntala anayang'ana zonsezo mwaulemu, kenaka anati:

"Pepani amayi ndi zovutazi. Koma ife pano sitingakhudze akaunti iyi mpaka mutabweretsa pulobeti."

"Mwana wanga, ndine mkazi wawo. Takhala zaka 23. Nambala yachinsinsi ya khadi ndikuidziwa."

"Ndikukhulupirirani amayi. Koma musaigwiritsenso ntchito nambalayo, mungadzipalire nayo mlandu. Pitani kukhoti."

Tili m'minibasi yobwerera, mayi uja anandifunsa ngati pulobetiyo ndi msonkho. Mlamu wake, titafika kunyumba, ananena kuti ndi chilolezo chogawana katundu, ndipo popeza iye ndiye wamkulu pabanjapo, pepalalo liyenera kutuluka m'dzina lake. Onse awiri anaphonya.

Mawuwa anachokera ku Chilatini, ku mawu otanthauza kutsimikizira kapena kuonetsa kuti chinthu n'choona. Pulobeti ndi chikalata chimene Khoti Lalikulu limapereka litakhutira kuti wilu imene yabweretsedwa ndi yeniyeni, ndi yomaliza imene malemu analemba, ndipo inalembedwa motsata lamulo. Chikalatacho chimatsimikiziranso kuti munthu amene malemu anamutchula mu wiluyo kuti adzayendetse chuma chake, amene maloya amamutcha ekizekyuta, ali ndi mphamvu yoimira malemuyo kubanki, kukhansolo, ku Unduna wa za Malo ndi kwina kulikonse. Ndiye kuti popanda wilu palibe pulobeti m'tanthauzo lake lenileni. Ngati munthu wamwalira wosalemba kanthu, monga zimakhalira m'nyumba zambiri za muno, khoti limapereka chikalata china, makalata oyendetsera chuma cha malemu, ndipo wolandira makalatawo ndiye adiminisitireta. Anthu a kubanki, ngakhale maloya ena akamalankhula mothamanga, amangotchula zonse ziwiri kuti pulobeti. Mtsikana wa pakauntala uja ankatanthauza makalata achiwiriwa.

Kusiyana kwake n'kofunika. Ekizekyuta mphamvu yake imachokera kwa malemu, khoti limangoitsimikizira. Adiminisitireta alibe mphamvu ina iliyonse mpaka tsiku limene khoti lamupatsa pepala. Banja likhoza kukhala pansi n'kusankha munthu, akuluakulu onse n'kuvomera, mpaka kuombera m'manja, koma kusankhako ndi pempho chabe lopita nalo kukhoti. Wogulitsa filiji ya malemu mawa lake chifukwa choti "abale anandisankha" akugulitsa chinthu chimene alibe nacho ulamuliro.

Chifukwa chake banki imaumirira pepalali n'chosavuta kumva. Munthu akamwalira, dzina lake limatsalabe pa akaunti, pa buku la galimoto ndi pa mapepala a nyumba, koma iye sangasainenso. Pakufunika dzanja limodzi lamoyo limene lamulo likulizindikira kuti likusaina m'malo mwake. Banki ikapereka ndalama kwa mkazi lero, mawa n'kubwera mayi wina wochokera ku Chimwemwe ku Kitwe ndi mwana wofanana ndi malemu mphuno ndi makutu omwe, mlandu ukhala wa banki. Ikapereka kwa amene ali ndi pepala la khoti, yasamba m'manja, ndipo wodandaula aliyense alondole mwini pepalayo.

Apa ndi pamene mlamu uja anasokera kwambiri. Kukhala ndi pepala sikukhala mwini chuma. Adiminisitireta ali ngati msungichuma wa chilimba: ndalama zimadutsa m'manja mwake, koma si zake, ndipo tsiku lina adzafunsidwa kuti awerenge.

Malamulo awiri a 1989

Zonsezi ku Zambia zikuyendetsedwa ndi malamulo awiri amene anakhazikitsidwa chaka chimodzi, 1989. Limodzi, lomwe lili pa Chaputala 60 cha malamulo a dziko lino, limanena za mawilu ndi kayendetsedwe ka chuma cha munthu amene anasiya wilu. Linalo, Chaputala 59, limanena za munthu amene wamwalira wosasiya wilu. Lachiwirili linabwera chifukwa cha zimene zinkachitika m'matauni a migodi ngati athu ano: munthu wagwira ntchito zaka 20, wagula mipando, sitovu ndi makina osokera pamodzi ndi mkazi wake, iye atangotsikira kuli chete abale ochokera kumudzi n'kubwera ndi lole, mkazi ndi ana n'kutsala pa simenti. Abalewo ankati akutsata mwambo, poti kwa Achewa, Ansenga ndi Abemba omwe wolowa m'malo mwa munthu ndi wa kuchikazi, mphwake kapena mng'ono wake. Mwambowo unali ndi nzeru yake kumudzi, kumene ana ankaleredwa ndi amalume awo. M'komboni mwana amaleredwa ndi malipiro a bambo ake.

Tiyeni titenge banja limodzi longoyerekeza, tiliyendetse kuyambira pachiyambi. Bambo wina wa mu Nkwazi, dalaivala wa malole pa kampani ina ya muno mu Ndola, wamwalira wosalemba wilu. Wasiya mkazi mmodzi amene anamukwatira mwamwambo, ndi ana atatu a m'nyumba a zaka 22, 16 ndi 5. Pali mwana wachinayi wa zaka 12 amene anabereka kunja. Mayi ake a malemu ali moyo ku Katete, bambo anamwalira kale. M'nyumbamo munkakhalanso mwana wa mlongo wake, wa giredi 9, amene malemu ankamulipirira zonse. Katundu ndi uyu: nyumba ya zipinda zinayi, za m'nyumba, K41,000 kubanki, ndi K109,000 imene kampani ikuti ndi mabenefiti ake. Kumudzi kuli munda umene anapatsidwa ndi amfumu.

Choyamba ndi satifiketi ya imfa. Chilolezo choikira maliro chimene anthu ambiri amasunga si satifiketi. Imfa iyenera kulembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa anthu, komwe kumatengedwa zitupa kuja, ndipo kumeneko amafuna kalata ya dokotala yonena chimene chinapha munthuyo, kapena lipoti la apolisi ngati anamwalirira kunyumba. Ambiri amachedwa pomwepa, chifukwa pa nthawi ya maliro mapepala amakhala m'thumba la aliyense amene anathamanga nawo.

Chachiwiri ndi kusankha woyendetsa. Lamulo sililola anthu opitirira anayi pa chuma chimodzi, ndipo pamene pali ana aang'ono limafuna kuti asakhale munthu mmodzi yekha, akhale awiri kapena kuposa. Khoti limayang'ana amene ali ndi gawo lalikulu pa chumacho, ndiye mkazi wamasiye ndi mwana wamkulu ali patsogolo pa mzere kuposa m'bale wa malemu. Palibe pamene lamulo likunena kuti adiminisitireta akhale mwamuna kapena akhale wa kuchimuna. Mabanja ambiri amasankha mmodzi wa mbali iyi ndi wina wa mbali inayo kuti pasakhale kukayikirana, ndipo ine ndimaona kuti imeneyi ndi nzeru, bola onse awiri akhale anthu oti angathe kukhala pa benchi imodzi. Ngati banja lalephereratu kugwirizana, pali ofesi ya boma ya Adiminisitireta Jenerale, pansi pa Unduna wa za Chilungamo, imene ikhoza kuyendetsa chumacho.

Khoti liti?

Apa ndi pamene anthu ambiri a m'makomboni amataya nthawi ndi ndalama za minibasi. Chizolowezi n'choti banja limapita ku lokolo khoti, poti ndi yapafupi, yotchipa, ndipo amalankhula chinenero chathu. Kumeneko amatuluka ndi pepala losankha adiminisitireta tsiku lomwelo kapena patangopita masiku ochepa. Koma lamulo la 1989 linaika malire: lokolo khoti inapatsidwa chuma chosapitirira K50,000, khoti la majisitireti chosapitirira K100,000, ndipo choposa pamenepo ndi cha Khoti Lalikulu. Zimenezo zinali kwacha za nthawi ya a Kaunda. Pamene ndalama yathu inachotsedwa maziro atatu pa 1 Januwale 2013, K50,000 ija inasanduka K50, mtengo wosakwana ndi thumba la ufa lomwe.

Nkhaniyi inafikapo ku Khoti la Suprimu mu 2004, pa mlandu wa Oparaocha ndi Murambiwa. Oweruza ananena kuti lokolo khoti inalibe mphamvu yosankha adiminisitireta pa chuma chimene mtengo wake unali woposa malire aja, ndipo kuti pepala loyenera linafunika kuchokera ku Khoti Lalikulu. Tanthauzo lake kwa banja lathu lija n'loti pepala la ku lokolo khoti likhoza kuthandiza pa tinthu ting'onoting'ono, mwina kampani ina n'kulilandira, koma pa nyumba ndi pa ndalama zochuluka ndi pepala loti wina akhoza kuligwetsa m'khoti tsiku lililonse. Wogula nyumba kwa munthu wa pepala lotere wagula mlandu, ndipo mlandu suola. Ndola ili ndi Khoti Lalikulu lake, Kitwe nayonso chimodzimodzi, ndiye palibe chifukwa chopitira ku Lusaka. Wilu, kaya chuma chake n'chochepa bwanji, imatsimikiziridwa ku Khoti Lalikulu.

Kumeneko wopempha amalumbira polemba kuti malemu anamwalira liti ndi kuti, kuti sanasiye wilu, kuti anasiya ndani ndi ndani, ndiponso kuti chuma chake ndi chiti ndi mtengo wake. Amalonjezanso polemba kuti adzayendetsa chumacho mokhulupirika. Pa mndandanda wa ana, mwana wa zaka 12 uja ayenera kulembedwa. Ndikudziwa kuti zimawawa, makamaka ngati mkazi wamudziwira pamanda mwanayo. Koma lamulo silisiyanitsa mwana wa m'banja ndi wa kunja, ndipo kumubisa ndi njira yachidule yoti makalatawo adzalandidwe, chifukwa khoti lili ndi mphamvu yofafaniza makalata amene anatengedwa mwa bodza kapena mobisa mfundo yofunika. Amene alibe ndalama ya loya apite ku bungwe la boma la Ligo Edi, lomwe lili ndi maofesi ku Ndola ndi ku Kitwe.

Kuwerenga kwake

Makalata atuluka, mkazi wamasiye ndi mng'ono wa malemu ndiwo oyendetsa. Atolera K41,000 ndi K109,000, zonse pamodzi K150,000. Asanagawe ngakhale ngwee imodzi, ayenera kulipira za maliro ndi ngongole. Tinene kuti bokosi, galimoto ndi chakudya zinadya K18,000 imene anakongola kwa anthu, ndipo malemu anali ndi ngongole ya K12,000 yolembedwa bwino. Zatsala K120,000.

Lamulo limagawa motere. Mkazi kapena mwamuna wotsala amalandira 20 peresenti, apa ndi K24,000. Ana onse pamodzi amalandira theka, K60,000. Makolo a malemu amalandira 20 peresenti, ndiye agogo a ku Katete atenga K24,000. Gawo lotsala la 10 peresenti, K12,000, ndi la anthu amene ankadalira malemu, apa ndi mwana wa giredi 9 uja. Akanakhala awiri akanagawana mofanana.

Theka la ana lija siligawidwa mofanana ayi. Lamulo likuti aliyense alandire molingana ndi msinkhu wake ndi sukulu imene yamutsalira. Wa zaka 22 amene akugwira kale ntchito sangafanane ndi wa zaka 5 amene sanayambe n'komwe giredi 1. Lamulo silipereka masamu ake, limasiyira oyendetsa kuti aganize mwachilungamo, ndipo kugawa konga K8,000, K15,000, K17,000 ndi K20,000 kuyambira wamkulu kutsika m'munsi kukhoza kuima pamaso pa woweruza. Gawo la mwana wamng'ono limasungidwa ndi mayi ake, bambo ake kapena womulera mpaka atakula, ndipo wosungayo akhoza kufunsidwa mmene anazigwiritsira ntchito. Ndalama za mwana wa kunja uja, mwachitsanzo, zipita m'manja mwa mayi ake omubereka, osati kuti adyere iwo.

Mwaona amene sanatchulidwe? Mng'ono wa malemu, yemwe ndi adiminisitireta, salandira kanthu. Abale ndi alongo amalowa pokhapokha pamene malemu sanasiye ana, makolo kapena omudalira, kapena ngati m'baleyo ankakhala m'nyumbamo modalira malemu chifukwa chosatha kudzisamalira. Mawu akuti wodalira ali ndi tanthauzo lopapatiza: munthu amene malemu ankamusamalira mpaka nthawi ya imfa, amene ankakhala naye kapena mwana amene ankamuphunzitsa, ndipo sangathe kudziimira payekha. Msuweni amene ankalandira ka eyataimu mwezi ndi mwezi sali m'gulu limeneli. Woyendetsa akhoza kubwezeredwa zimene waononga poyendetsa ntchitoyo, monga zolipira kukhoti ndi zoyendera, koma lamulo limamuletsa kupindula ndi udindowo.

Za m'nyumba sizilowa m'masamu amenewa. Mipando, mabedi, ziwiya, filiji, wailesi yakanema, mabuku, zovala, ngakhale galimoto yoyendera banja, zonsezi ndi za mkazi ndi ana basi, mofanana. Jekete ija imene imaperekedwa kwa mng'ono pa isambo ndi mphatso ya mkazi ndi ana mwa kufuna kwawo, ndipo ndi mwambo wabwino, koma si ngongole. Pali kampata kamodzi koyenera kukadziwa: katundu wa bizinesi sawerengedwa ngati wa m'nyumba. Malemu akanakhala ndi takisi kapena chigayo, zimenezo zikanalowa mumphika waukulu uja wogawidwa ndi maperesenti.

Nyumba nayo ili ndi lamulo lakelake, ndipo ndi imene imadanitsa anthu kuposa ndalama. Ngati malemu anasiya nyumba imodzi, imakhala ya mkazi ndi ana onse pamodzi. Mkaziyo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse, koma ufuluwo umatha akakwatiwanso. N'chimodzimodzi kwa mwamuna amene mkazi wake ndiye anali mwini nyumba. Agogo a ku Katete alibe gawo m'nyumbayi, ndipo mwana wa kunja uja ali nalo. Zikanakhala nyumba ziwiri, mkazi ndi ana akanasankha imodzi, inayo n'kulowa mumphika. Ndipo adiminisitireta sangagulitse nyumba, kapena katundu wina aliyense wa malemu, popanda chilolezo cha khoti. Makalata okha si chilolezo chogulitsira. Mukamva kuti amalume abweretsa munthu wodzaona nyumba, funsani pepala lachiwirilo.

Munda wa ku Katete suli m'manja mwa lamuloli. Malo a mwambo, katundu wa ufumu ndi katundu wa banja lonse lamuloli linawasiya kunja, ndipo nkhani yake ikambidwa kwa amfumu. Ndalama za NAPSA nazo zimayenda njira yakeyake: bungwelo limapereka thandizo la maliro ndi penshoni ya otsala kwa mkazi kapena mwamuna ndi ana motsata malamulo ake, osati maperesenti aja.

Mfundo ina imene imagwetsa amayi ambiri ndi ya ukwati weniweniwo. Ukwati wa mwambo ndi ukwati pamaso pa lamulo, ngakhale popanda satifiketi, malinga ngati miyambo yake inatsatidwa ndipo ankhoswe kapena ashibukombe akhoza kuchitira umboni. Koma kungolowana, ngakhale zaka 15, sikupanga munthu kukhala mkazi wa malemu. Ana ake adzalandira, koma iye gawo la 20 peresenti lija sangaliitanitse ngati mkazi. Pamene pali mitala, akaziwo amagawana gawo lomwelo la 20 peresenti, poyang'ana zaka zimene aliyense anakhala pabanja ndi zimene anathandiza popeza chumacho.

Akanakhala kuti analemba

Tibwerere kwa dalaivala wathu, koma ulendo uno tinene kuti anasiya wilu m'sutikesi. Maperesenti onse aja agwa; chimene chigwire ntchito ndi mawu ake. Akanatha kupatsa mng'ono wake K20,000 chifukwa chomuthandiza pomanga nyumba, ndipo palibe akanaletsa. Koma khoti lisanadinde, lidzayang'ana pepalalo ndi diso la kabawi. Kodi ndi lolembedwa? Kodi malemu anasaina kumapeto kwake, kapena kudinda chala, pamaso pa mboni ziwiri zimene zinalipo nthawi imodzi, nazonso n'kusaina iye akuona? Kodi anali wamkulu ndiponso wa mutu wabwino? Ngati sankatha kuwerenga, kodi wina anamuwerengera ndi kumumasulira asanadinde? Wilu sifuna loya kuti ikhale yovomerezeka, ndipo ikhoza kulembedwa pa pepala la m'kope. Imene imagwa kawirikawiri ndi ija yosainidwa ndi mboni imodzi lero, inayo mawa kutchalitchi. Cholakwika china ndi kuika wolandira katundu kukhala mboni: wiluyo ikhoza kuima, koma mphatso ya mboniyo ili pangozi yotayika. Mawu a pakamwa onenedwa pa bedi la kuchipatala, akuti "nyumba ija ndi ya uje", banja likhoza kuwalemekeza mwa kufuna kwake, koma si wilu pokhapokha ngati wodwalayo anawanena pamaso pa mboni ziwiri atataya chiyembekezo chochira, n'kumwaliradi ndi matendawo.

Ekizekyuta amapita ku Khoti Lalikulu ndi wilu yeniyeniyo, osati fotokope, pamodzi ndi satifiketi ya imfa, lumbiro lake ndi mndandanda wa chuma. Amene akukayikira kuti siginecha ndi yabodza, kapena kuti malemu anakakamizidwa atadwala, amakalembetsa chiletso kukhotiko pulobeti isanatuluke, ndipo nkhaniyo imasanduka mlandu woti mboni zija zidzafunsidwe. Ngati palibe wotsutsa, zimathera pa mapepala, woweruza osaona nkhope ya wina aliyense wa m'banjamo.

Wilu si mpeni wodulira ana ako. Ngati malemu anasiyira zonse mpingo kapena bwenzi, mkazi ndi ana n'kutsala opanda chowasamalira, lamulo limalola odalira malemu kupempha khoti kuti liwapatulire gawo loyenera. Koma pempholi lili ndi nthawi: miyezi 6 kuchokera tsiku limene pulobeti yatuluka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Khoti silidzabwera lokha kudzafunsa ngati ana akudya.

Muno muli mabanja ambiri amene agogo awo anachokera ku Nyasalandi kudzagwira ntchito m'migodi, ndipo ena akadali ndi nyumba ku Mchinji kapena ku Kasungu. Pepala la khoti la Ndola silitsegula chitseko cha banki ya ku Lilongwe palokha. Malawi ili ndi lamulo lake la chuma cha masiye la 2011, ndipo chikalata cha dziko limodzi chiyenera kukadindidwanso ndi khoti la dziko linalo chisanagwire ntchito kumeneko.

Mmene mungadziwire kuti zapotoka

Zizindikiro zake sizibisika. Adiminisitireta amene safuna kuonetsa sitetimenti ya kubanki, amene akuti kampani "sinalipirebe" koma wayamba kufolera nyumba yake ndi malata atsopano, amene watenga mapepala a nyumba kupita nawo kwawo, kapena amene wayamba kutolera lendi ya zipinda zakumbuyo osalemba paliponse. Aliyense amene ali ndi gawo, ngakhale mwana kudzera mwa womulera, akhoza kupempha khoti kuti limulamule abweretse mndandanda wa chuma molumbira ndi kuwerengera ndalama zonse. Akalephera, khoti likhoza kumuchotsa ndi kumulamula kubweza. Kulanda katundu kwa munthu amene lamulo lamupatsa, kapena kumuthamangitsa m'nyumba, ndi mlandu umene chilango chake chikhoza kufika zaka 2 m'ndende, ndipo lamulo la 2011 lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi limawerengera kulanda katundu wa masiye m'gulu la nkhanza. Ofesi ya Vikitimu Sapoti ku polisi ndiyo khomo loyamba ngati lole yaima kale pakhomo. Komabe wapolisi sagawa chuma. Iye amaletsa kulanda, kugawa n'kwa woyendetsa ndi khoti.

Woyendetsa wokhulupirika naye adziteteze. Kope limodzi la masamba 96 ndi lokwanira: kumanzere zolowa, kumanja zotuluka, malisiti omata ndi guluu, ndipo aliyense wolandira gawo lake asaine pamaso pa mboni. Ndalama zopita ku Katete zitumizidwe m'njira yosiya umboni, osati m'thumba la munthu wokwera basi.

Chotsalira ndi dzina la pa nyumba, ndipo ambiri amaiwala chifukwa palibe amene akuwathamangitsa. Ngati nyumba ili ndi taitolo ya ku Unduna wa za Malo, lamulo limafuna kuti pulobeti kapena makalata aja alembetsedwe ku kaundula wa malo pasanathe miyezi 12 chitulukire. Mukachedwa, mudzayambanso kupempha khoti kuti likuloleni kulembetsa mochedwa. Nyumba zambiri za m'makomboni ngati Nkwazi zili ndi mapepala a khansolo, ndiye kusintha dzina kumachitikira ku khansolo ya mzinda wa Ndola, ndipo kumeneko adzayamba akuonetsani ngongole ya malo imene malemu anasiya. Mukazengereza, mkazi wamasiye naye n'kumwalira, ana adzafunika kutsegula nkhani ziwiri m'malo mwa imodzi, ndipo pa nthawiyo ena mwa iwo adzakhala ali ndi akazi ndi amuna awo oti nawonso ayankhulepo.

Mayi woyandikana nane uja makalata ake anatuluka dzinja litayamba, m'dzina lake ndi la mwana wake wamkulu. Anabwerera kubanki kuja ndi chikwama chomwe chija cha pulasitiki. Mtsikana wa pakauntala anafotokopa pepalalo mbali zonse, n'kuwauza kuti atsegule akaunti ina m'dzina la chuma cha malemu, yosainira anthu awiri, kuti ndalama za ana zisasakanikirane ndi za tomato amene mayiyo amagulitsa pamsika.